Mbale Ziwiri za Tryphena

Mwamuna wa Tryphena, Yakobe, anapita ku Kitwe chaka chomwe chipani cha MMD chinalowa m'boma, ndipo sanabwerenso ku Mphamba. Katundu yekha ndiye ankabwera pa basi. Anthu ankati mkaziyo ali ndi mwayi, koma iye ankagona ndi chisoni. Ankangofuna mwamuna wake.

Kalata zinalephera. Tsono atamva kuti Danwell, wogula mtedza, akupita ku Kitwe, anaganiza zojambula nyimbo pa kaseti.

Anaipeka pa mtondo, akusinja ndi mlamu wake Faides, mlongo wa Yakobe. Ndime iliyonse inkawonjezera chinthu chimodzi, chatsopano patsogolo, zakale zikutsatira chobwerera m'mbuyo.

*Mwanditumizila mbale ziwili.*
*Mwanditumizila chitenje, na mbale ziwili.*
*Mwanditumizila ketulo, chitenje, na mbale ziwili.*

Chinthu chilichonse chinayenera kulowa pa kugunda kumodzi kwa musi. Sopo anafupika, anamutaya. Bulangete linatalika, analimeza pang'ono mpaka linalowa. Zazikulu anazisungira kumapeto, wailesi kenako njinga, kuti womvera azidikira. Ndime yomaliza inkangokwanira mpweya umodzi.

"Nyimbo yanu ni shopu, mulamu," anatero Faides. "Achimwene azamva kuti mwakondwa, azatumiza na filiji. Isila bwanji?"

Apo ndiye panavuta. Anayesa kutsiriza ndi "bwelani," koma zinamveka ngati kupempha mchere. Anayesa "kapena mwakwatila," Faides n'kuima kusinja. "Yayi! Mukamutukwana pa kaseti, ndiye basi."

Tsiku lina akutsuka ziwiya anazindikira kuti mbale zija, poti zinali zoyamba, zinkabwera kumapeto kwa ndime iliyonse, mpaka khutu kuzizolowera osazimvanso. Mathero anayenera kubisala pamenepo. Mwa ziwirizo anatembenuza yomwe ankasungira Yakobe, yomwe sinadyeredwepo, napeza dzimbiri pamene utoto unasupuka.

Pojambula anaimba mndandanda wonse ndi mpweya umodzi, n'kufika pa *mbale ziwili*. Anasiya musi ugunde kawiri popanda mawu. Kenako, motsitsa:

*Imodzi yachita nguwe.*

Nguwe ndi dzimbiri, monga anenera kumeneko. Faides, wa pakamwa uja, anapukuta m'maso ndi chitenje.

Danwell ananyamula kaseti. Tryphena anazira nyumba, ndipo ankati akamva galimoto mtima unkadumpha.

Mtedza utakumbidwa, Danwell anabwerako yekha.

"Amvela kangati?" anafunsa Tryphena.

"Kambili, amama. Anaitana na anzawo. Akuti muimba bwino maningi."

Danwell anamupatsa kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Munali mbale imodzi, yatsopano, yamaluwa ofiira.

Tryphena anaiika pamwamba pa zinzake zija, nabwerera ku mtondo. Faides sanayerekeze kuseka. Musi unagunda, ndipo Tryphena anayesa kuimba: *na mbale zitatu.*

Zinalowa bwinobwino.