Sopo wa Ana Awiri

Mu Januwale, dokotala atawauza kuti apume, Bambo anaitanitsa ana awo awiri mu ofesi ya fakitale yawo ya sopo kuti awasiyire ntchito.

Mwana wamwamuna ankafuna sopo wotchipa, wa mtundu umodzi, wopanda bokosi. Mlongo wake ankafuna wonunkhira, wa mafuta abwino, wodula. Bambo sanafune kukhumudwitsa aliyense. Wamkazi anamupatsa udindo wosankha bokosi ndi fungo. Wamwamuna anamupatsa zosakaniza ndi mtengo, iye n'kuyamba kugula mafuta otsika.

Pa 9 Juni, mayi wogula katundu wa masitolo aakulu anawaitana onse atatu. Masitolowo ankatenga sopo wawo woposa theka. Patebulo pake panali mitundu inayi ya sopo.

"Uyu ndi wa fakitale yaikulu," anatero mayiyo. "Amagula mafuta sitima yathunthu, makina sazima. Atatsitsa mtengo mawa, phindu lilipobe. Inu mukawatsatira mudya makina anu."

Anakankha wachiwiri. "Uyu ndi wodula kawiri, koma anthu amachita kumutchula dzina. Akamusowa amatuluka osagula wina. Kachitatuka n'ka makanda a khungu lovuta basi. Mwiniwake sapikisana ndi dziko lonse, ndipo amayi a makandawo samusiya."

Ananyamula wachinayi, wa bokosi lagolide. "Nanga wanuyu, bambo, ndi wa ndani?"

"Wa aliyense," anayankha Bambo.

"Aliyenseyo sindinamuonepo m'sitolo. Wofuna wotchipa amatenga woyambayu, chifukwa bokosi ndi fungo zakweza mtengo wanu. Wofuna wabwino amagula wanu kamodzi, sopoyo n'kumusungunukira m'manja sabata isanathe. Shelefu yathu si nyumba ya alendo. Pofika pa 30 mundiuze sopo wanu ndi uti, apo ayi ndimuchotsa."

M'galimoto, mlongo ndiye anayamba. "Achimwene, phala lanu lija mwalimva mbiri yake?"

"Phala langa ndalimva. Nanga bokosi lako anthu amasambira?"

"Inu simungafike pa mtengo wa fakitale yaikulu, ngakhale mutathira madzi okhaokha. Makina athu ndi awiri."

"Iwenso dzina ulibe. Lopanga dzina ndi thumba la ndalama, osati utoto wagolide."

Onse ankanena zoona, ndipo Bambo ankadziwa.

Pa 29 anakumananso mu ofesi muja. Makina amodzi anali atazimitsidwa kale, makatoni osagulidwa atafika pawindo. Ana anakhala moyang'anana kudikira. Kusankha njira imodzi kunali kuuza mwana mmodzi kuti walephera.

Bambo anatembenuza sopo m'manja nthawi yaitali.

"Bokosi tilichepetse pang'ono," anatero. "Mafuta tiwonjezere pang'ono. Nonse ndinu ana anga."

Mlongo anatola chikwama chake n'kutuluka.

Pa 1 Julayi, ogwira ntchito m'masitolo anasendeza sopo wa fakitale yaikulu kumanja, wodula uja kumanzere. Mpata wapakati, pamene pankakhala sopo wa Bambo, unatsekeka.