Chithunzi cha Mtima wa Achimwene

Chithunzicho chinafika pafoni nthawi yopuma, mphunzitsi wa sayansi akupukuta choko m'manja. Chinachokera kwa achimwene ake, amene amawotcherera zitsulo. Chinali chithunzi cha pepala lofiirira la timabokosi, lija limatuluka m'makina oyeza mtima otchedwa ECG, ndipo pansi pake analembapo mawu awiri okha: "Zili bwino?"

Anawaimbira nthawi yomweyo. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono ngati munthu akuzula msomali wa dzimbiri. M'mawa, ponyamula geti la kasitomala, pachifuwa panawathina mpaka thukuta linatsika, dzanja lamanzere n'kulemera. Akazi awo anawakankhira kuchipatala. Kumeneko namwino anawamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, ndipo pepala litatuluka anawauza kuti adikire dokotala. Iwo anaona kutalika kwa mzere pabenchi, analijambula pepalalo likadali patebulo la namwino, kenaka ananena kuti akupita kuchimbudzi. Chimbudzicho ndiye chinakathera kumalo awo antchito.

"Ululu unatha kale," anatero. "Iwe tangoyang'ana mizereyo undiuze kuti zili bwino, alamu akowa asiye kundilira maliro ndili moyo."

Mizereyo mphunzitsiyo ankaidziwa ndithu, poti chaka chilichonse ankaijambula pabolodi. Anawafotokozera mofatsa ngati ali m'kalasi. Kachitunda kakang'ono koyamba, kotchedwa P, ndi mphamvu ya magetsi ikufalikira m'zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima kuti zifinye magazi kutsikira m'munsi. Chosongoka chachitali chija, QRS, ndi magetsi omwewo akudutsa m'zipinda zazikulu zam'munsi, zimene zimapopa magazi kupita m'mapapo ndi m'thupi lonse. Chitunda chotsatira, T, ndi zipinda zam'munsizo zikubwezeretsa mphamvu kuti zigundenso.

Achimwenewo anafunsa ngati zitunda zitatu zonsezo zinalipo pachithunzi chawo. Iye anavomera kuti zinalipo.

"Ndiye basi. Zonse zilipo, palibe chabedwa."

Apa m'pamene mutu unayamba kumuwawa. Anawauza kuti kudziwa mayina a zitunda si kudziwa matenda, komanso kuti pepalalo limangoonetsa magetsi a mtima pa kanthawi kochepa kamene munthu anagona pabedi paja, silionetsa mitsempha ngati yatsekeka. Iwo anaseka kuseka kwawo kuja kopsetsa mtima, nafunsa kuti kodi sukulu yonse ija anapitira chiyani ngati kapepala kamodzi kakumukanika. Anamutchanso "adokotala a choko", n'kudula foni.

Mphunzitsiyo anatsala atachiyang'ana dwii chithunzicho, akuchikulitsa ndi zala. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti mizereyo inkafanana kwambiri ndi ya m'buku lake. Mawu akuti "zili bwino" anali pakamwa penipeni, ndipo akanamupulumutsa ku mkangano ndi munthu amene anamulera bambo awo atamwalira. Koma akanati awanene, achimwenewo akanabwerera kukanyamula mageti ndi chilolezo cha mlongo wawo m'thumba. Anapsa mtima, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha. Anasiyira ana ntchito pabolodi, napempha mnzake kuti awayang'anire, n'kukwera minibasi.

Anawapeza atanjuta pafupi ndi chitseko chachitsulo, chigoba chowotcherera chili pamphumi, moto uli thethethe. Pomuona sanadzuke. Anangomuuza kuti chithunzicho anatumizanso kwa anthu ena amene alibe makani. Msuweni wawo wogulitsa m'sitolo ya mankhwala anati mtima ndi wa mnyamata. Mnzawo wa kutchalitchi anachifanizira ndi zithunzi za pa intaneti n'kupeza kuti ndi matenda oopsa a dzina lalitali. Achimwenewo anasankha yankho la msuweni, poti ndi limene linawakomera m'khutu.

Mphunzitsiyo sanakambenso za zitunda. Anapita pakhoma, nazimitsa magetsi a makina owotcherera, n'kuima pomwepo. Anati sachoka, ndipo akafuna amunyamule ngati geti. Anakangana mpaka oyandikana nawo anayamba kusuzumira. Chimene chinathetsa mkanganowo si mawu ake ayi. Achimwenewo podzuka mwaukali anagwira pachifuwa, naima kaye chete, nkhope itachita thukuta. Mphunzitsiyo anaimitsa galimoto ya woyandikana nawo, ndipo ulendo uno achimwenewo sanatsutse.

Kuchipatala namwino uja anawazindikira msanga. Anawafunsa ngati chimbudzi anachipeza, koma atamva kuti ululu wabweranso anasiya nthabwala n'kuwalowetsa osadikira mzere. Dokotala anali mayi wooneka wotopa, wolankhula motsitsa. Achimwenewo anamutambasulira foni monyadira. Iye anangoyang'ana pang'ono n'kuwabwezera. Anati makinawo amauona mtima kuchokera mbali khumi ndi ziwiri, koma chithunzicho chinadula mbali zina, chala chawo chinaphimba ngodya, ndipo chinajambulidwa mopendekeka moti timabokosi toyezera nthawi ndi kutalika kwa zitunda sitinkawerengeka. Anatumiza namwino kukatenga pepala lenileni.

Ngakhale pepalalo litabwera, sanayambire pamenepo. Anafunsa za ululu, pamene unayambira, kumene unkalowera, ndi chimene ankachita. Anafunsa zaka zawo, za fodya, za shuga, za mankhwala amene amamwa, ndi chimene chinapha bambo awo. Anawayeza BP, nawamvetsera pachifuwa. Atatero m'pamene anayala pepala lija patebulo, naliyendera ndi nsonga ya cholembera, n'kunena kuti la m'mawali silinkaonetsa choopsa chilichonse.

"Wamva?" achimwenewo anatembenukira kwa mlongo wawo, akufunafuna nsapato ndi phazi. "Wandivutitsiranji?"

Mphunzitsiyo anafuna kungolira. Tsiku lonse lija, munthu n'kutolapo mawu amodzi okha amene ankawafuna!

"Sindinamalize, bambo," anatero dokotala. "Mtima ukhoza kukhala pamavuto pepala loyamba n'kutuluka labwinobwino. Komanso mzere womwewu, kwa mnyamata wothamanga ukhoza kukhala wopanda kanthu, kwa inu n'kukhala nkhani ina. Ine sindichiza pepala. Ndi ululu umene mwandifotokozerawu, tikuyezaninso tsopano, titenge magazi, ndipo tidzatenganso ena pakapita maola. Lero simupita kunyumba."

Anawamatanso timawaya tija. Pepala lachiwiri likutuluka, mphunzitsiyo anasuzumira. Anaona P, anaona QRS, anaona T. Anaonanso kuti m'mizere ina kachidutswa ka pakati pa QRS ndi T kanatsika pang'ono kusiyana ndi m'mawa, koma sakanatha kunena ngati kutsikako kunali kanthu kapena ayi. Dokotala anaika mapepala awiriwo pamodzi, nawayang'ana nthawi yaitali kuposa poyamba, kenaka anauza namwino kuti abweretse mankhwala ndi kukonza bedi msanga.

Achimwenewo sanayang'ane dokotala. Anayang'ana mlongo wawo, nsapato imodzi ili kuphazi, ndipo mawu awo anali atachepa.

"Iwe, ukuonapo chiyani pamenepo?"

"Sindikudziwa, achimwene. Ndakhala ndikukuuzani chiyambire m'mawa. Funsani awa."

Achimwenewo anavula nsapato ija, nagona chagada, n'kufunsa dokotala kuti awauze pang'onopang'ono, kuti nawonso amve.