Makwacha Makumi Asanu ndi Atatu a Nabanda

Jonasi Mbewe atamwalira mu 1999 anasiya kagolosale ku Mkanda, ana anayi, ndi kope la sukulu lodzaza maina a anthu amene ankatenga katundu pangongole. Pamaliro analengeza kuti aliyense amene anali ndi ngongole kwa malemu akaonane ndi banja, koma anabwera awiri okha.

Choncho mkazi wake Esnart anakhala pansi ndi mlamu wake Wilson, amene abale anamusankha kuyang'anira chuma cha masiye.

"Alamu, tilondole zikuluzikulu zokha," anatero Wilson. "Izi zosakwana handiredi kwacha zisiyeni. Njinga ya hayala yokha idya ndalama yonseyo, kenaka mudana ndi anthu."

Esnart sanamve. Fizi ya mwana wake wa Fomu 2 inkamusowetsa mtendere. Anauyamba wapansi kupita kwa Dambe, kwa Tabeth Banda, amene dzina lake linali ndi K80 ya sopo ndi mchere.

Anampeza pamjigo ndi amayi anzake.

"Ine ndinabweza kale, mayi," anatero Tabeth. "Tinapangana ndi malemu kuti ndipereke mtedza."

"Nanga bwanji sanafufute? Bodza limenelo, Nabanda! Mukunamizira munthu poti sangayankhe?"

Tabeth anatula ndowa, napita kwawo, nabwera ndi thadzi lomanga miyendo. Esnart analigulitsa panjira K85.

Patapita masiku atatu, akufuna poika ufa, anasolola beseni lobiriwira pansi pa bedi. Kunsi kwake kunali zilembo za penti: T.B. Anakumbukira tsiku lomwe ankathamangira galimoto ya matola kukadwazika Jonasi kuboma, Tabeth n'kutulukira atasenza mtedza wosenda m'beseni lomweli. Esnart anangoti zikomo, akuyesa ndi mphatso ya wodwala. Jonasi sanabwererenso kudzagwira kope lake.

Sabata yathunthu sanauze munthu. Ndalama ija inali itapita kale kusukulu, ndiye anagulitsa chitenje chake chatsopano nabwerera kwa Dambe.

Tabeth anawerenga ndalamazo, nazimanga pansonga ya nsalu.

"Ndalandira. Koma mukundipepesa kuseri kwa nkhokwe, pamene wabodza munanditchula pagulu. Kutchalitchi andichotsa pa usungichuma wa amayi."

Esnart sanayembekezere zimenezo. Anagwada pomwepo, misozi ili chuchuchu.

Lamulungu lotsatira anayenda ulendo womwewo mpaka kutchalitchi kwa Tabeth. Mapemphero atatha anaimirira pamaso pa anthu osawadziwa, nanena kuti mtedza analandira ndi manja ake, wolakwa ndi iye. Akulu a mpingo analonjeza kuti akambirana. Koma udindo unali utapatsidwa kale kwa wina, ndipo sunabwerere.

Maina ang'onoang'ono khumi ndi anayi otsalawo Esnart sanawapitirenso. Tabeth akabwera kumsika wa ku Mkanda ankamuyankha moni bwinobwino, koma sopo ankakagula patsidya pa msewu.