Fizi ya Brenda pa Kamera

Brenda atabwezedwa kusukulu kachiwiri chifukwa cha fizi, Ethel anaganiza zosiya kuimba mafoni. Mafoni anali atamutopetsa. Akaimbira Limbikani, mlongo wake wa ku Joni, ankamuuza kuti amayesa asisi atumiza. Akaimbira asisiwo, a Gertrude, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku Mangalande, ankati iwo anatumiza teremu yatha, ino ndi ya Limbikani. Onse anali ndi mtima wothandiza, koma ndalama zinkafika sukulu itatsegula kale, nthawi zina kudzera mwa munthu wokwera basi amene ankayamba wakaona kwawo asanafike kwa Ethel ku Chilomoni.

Brenda anali mwana wa mchimwene wawo amene anamwalira mtsikanayu ali sitandade 6. Ethel ndiye anamutenga, nkumamulera ndi ndalama za utelala wake wa pamsika. Mtsikanayu anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko ku Thyolo, ndipo mu Sepitembala wa 2016 amayenera kuyamba Fomu 4. Ethel sanafune kuti chaka cha mayeso chiyambenso ndi mwana atakhala pakhonde anzake ali m'kalasi.

Nzeru ya vidiyo inabwera ndi Ramsey, wojambula maukwati amene shopu yake inayang'anizana ndi ya Ethel. Iye anati foni munthu amaiwala akangodula, koma vidiyo imakhala mu gulu la banja pa WhatsApp, aliyense nkuionera nthawi yake, ndipo palibe anganene kuti sanamve. Anati ajambula mwaulere, malinga Ethel amusokere makatani a mushopu. Anachenjeza chinthu chimodzi: vidiyo ikatalika kupitirira mphindi zitatu ikana kupita, kapena idzafika anthu akuoneka ngati ali mu utsi. Choncho panafunika sikiripiti, mawu olembedwa bwino, osati kungoyankhula zobwera m'mutu.

Ethel analemba yoyamba m'Chingerezi chokhachokha. Anali ndi chifukwa chake. Mkazi wa Limbikani, Kristina, anali wa konko ku Joni, ndipo aliyense ankadziwa kuti chikwama cha m'nyumbamo chimakhala ndi iye. Ramsey anawonjezera zake. Anafuna Brenda avale yunifolomu yakale ya kupulayimale, akhale pamwala kuseri kwa nyumba, ayang'ane pansi, kenako iye adzaikemo nyimbo ya chisoni. Anati anthu akunja saona msanga chifundo ngati zinthu zikuoneka bwinobwino.

Loweruka m'mawa anayesa kujambula. Ethel anaima pakhonde atavala diresi la kutchalitchi, nkuyamba kuwerenga. Mawu ankatuluka ouma, ngati akuwerenga chilengezo cha maliro a munthu wosamudziwa. Anapunthwa katatu pa liwu limodzi, ndipo amayi oyandikana nawo nyumba, amene amachapa pampopi, anayamba kusekera m'zitenje.

Itafika nthawi ya Brenda, mtsikanayu anatuluka atavala siketi ndi bulauzi ya kusekondale, zosita bwino. Yunifolomu yakale ija anaisiya pabedi.

"Anti, ine pamwala paja sindikhalapo," anatero motsitsa mawu. "Ndinakhala nambala 2 m'kalasi mwathu. Ngati ankolo atumize chifukwa ndalira, bola asatumize."

Ramsey anayesa kumunyengerera kuti ndi sewero chabe, aliyense amatero. Brenda anayankha kuti vidiyo ikalowa mufoni siifa, tsiku lina idzafika kwa anzake a kusukulu. Ethel anakwiya poyamba. Anamuuza kuti wopempha sasankha poima. Koma atamuyang'ananso mwanayo, ataima chilili ndi nsapato zopolisha, mkwiyo unamuthera. Anauza Ramsey kuti alongedze kamera, adzabwere mawa akaweruka ku Misa yachiwiri.

Masana amenewo anakhala awiri pamkeka ndi kope la masamu lotsala masamba. Brenda anajambula mzere pakati pa tsamba: kumanzere zooneka, kumanja zoyankhula. Anayamba kulemba m'Chichewa chokhachokha, koma sanapite patali. Atafika pa nambala imene wotumiza ndalama amapatsidwa, anakangana kuti ailembe bwanji. Ethel anati "nambala ya chinsinsi", Brenda anati ankolo ayesa akunena pini ya kubanki. Pa kapepala ka kubanki anakangananso.

"Nanga mukamakalipira ankolo pafoni mumati chiyani?" anafunsa Brenda.

Ethel anaganiza pang'ono, nkuseka. "Ndimati, Limbikani, usandiuze nkhani, just send me the reference number."

"Basi tilembe chomwecho."

Kuchokera pamenepo cholembera chinathamanga. Ankayankhula chiganizo mokweza kaye, chikamveka ngati cha m'nyumba mwawo nkuchilemba, chikamveka ngati cha pawailesi nkuchitaya. Moni ndi zaulemu zinakhala m'Chichewa, ndi kamoni kamodzi ka Chisena kokumbutsa a Gertrude kwawo ku Nsanje. Masiku, materemu ndi njira yotumizira zinagwera zokha m'Chingerezi, moti Kristina akanatha kutsatira zonse zofunika popanda womasulira. Brenda anafufuta liwu lakuti "tikupempha" paliponse pamene linali, kupatula pamalo amodzi.

Lamulungu Ramsey anafika ali wokayika, koma anaimika kamera. Ethel anakhala pa makina ake osokera amene anawatulutsa pakhonde, nkuyang'ana kamera ngati akuyang'ana mlongo wake.

"Asisi, Limbikani, alamu a Kristina, muli tani kumeneko? Ife tili bwino. This is about Brenda, ndipo sitichedwa. Chaka chino ndi Form Four, three terms: September, January, April. Tikupempha aliyense atenge term imodzi, ikhale yakeyake. Musamatumize sukulu itatsegula, please, two weeks before opening, chifukwa ku boarding popanda slip pageti salowa."

Kenako inali mbali ya Brenda. Anaima pafupi ndi mpanda wa maluwa atanyamula lipoti lake.

"Ankolo, no more kupatsira munthu wa pa bus. Tumizani through money transfer, m'dzina la anti, spelling yake ngati ya pa voter's card, chifukwa one letter wrong sawapatsa. Pamene mukutumiza, check the amount in kwacha imene ifike kuno, not the rands, chifukwa rate imasintha ndipo pali ma charges. Mukatero, send the reference number kwa anti okha, not mu group. Anti akatenga, same day akaika ku account ya sukulu, dzina langa ndi class pa deposit slip, nkujambula slip kuti nonse muione. Ine mbali yanga ndi iyi." Apa anakweza lipoti lija, Ramsey nkuyandikitsa kamera mpaka magiredi anaoneka.

Anabwereza kawiri kokha, kamodzi chifukwa tambala wa eni nyumba analira pakati pa chiganizo. Ramsey anadula zosafunika, nalemba masiku otsegulira sukulu m'munsi mwa chithunzi, nachepetsa vidiyoyo mpaka inalola kupita. Nyimbo sanaikemo. Anavomera yekha kuti ikanangosokoneza.

Limbikani anayankha tsiku lomwelo, koma osati mokondwa. Anatumiza mawu ojambula akudandaula kuti amuyalutsa pagulu ndi nkhani ya munthu wa pabasi, ngati iye ndiye amadya ndalamazo. Ethel anayamba kuganiza kuti mwina alakwitsa. Koma m'mawa mwake kunabwera uthenga wa Kristina, woyamba chilowereni m'banjamo. Analemba kuti aka kanali koyamba kumvetsa kuti sukulu ya ku Malawi imayenda bwanji, kuti kale ankangomva mwamuna wake akukangana pafoni m'chinenero chimene iye sachimva, ndipo kuti Sepitembala ndi wawo. Sabata isanathe nambala yotengera ndalama inafika pafoni ya Ethel. Anakwera minibasi kupita m'tauni, natenga ndalama, nawoloka msewu kukaima pamzere wa kubanki, ndipo dzuwa lisanapendeke chithunzi cha silipi chinali mu gulu. Limbikani anaikapo kachizindikiro ka chala chachikulu choloza m'mwamba, osanenanso za kuyalutsidwa.

A Gertrude anatenga Januwale. Anapepesa kuti Epulo sangathe, chifukwa maola awo a ntchito anali atachepetsedwa. Ethel anawauza kuti asadandaule, ayesetsa yekha ndi mayunifolomu amene amasoka sukulu zikamatsegula, ngakhale mumtima ankadziwa kuti teremu imeneyo sangaikwanitse.

Patapita masiku angapo, mu gulu munalowa nambala yachilendo ya ku Mangalande, kenako vidiyo. Anali Regina, mwana wa a Gertrude, amene anachoka ku Malawi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kubanjako ankangomudziwa pazithunzi. Palibe ankamuimbira, poti ankati Chichewa anaiwala ndipo iyenso ankachita manyazi kuyankhula. Tsopano anali namwino, ndipo anadzijambula atakhala m'galimoto, atavala yunifolomu ya kuntchito.

"Anti Ethel, muli bwanji," anayamba pang'onopang'ono, akusankha liwu lililonse. "Mum anandionetsa video. Ndamva everything, first time. Ine Chichewa changa ndi chothyoka, but if Brenda can mix, inenso ndi mix. April ndi yanga. Ndi exam fees yanganso, just tell me the deadline. Brenda, mng'ono wanga, usaope Biology, ndili pano."

Ethel anaionera ali kushopu, kasitomala ataima ndi tepi m'chiuno. Anaibwereza, kenako anaitana Ramsey kuti awoloke adzaone. Madzulo a Gertrude anaimba akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anati mwana wawoyo anali asanayankhulepo Chichewa chochuluka chotero chichokereni pabwalo la ndege la Chileka.

Chaka chimenecho Brenda sanabwezedwe ngakhale tsiku limodzi. Pa holide iliyonse ankakhala pakhonde ndi foni ya anti ake, iye ndi Regina akutumizirana mawu: uyu akufotokoza za mtima ndi mitsempha, uyo akukonza Chichewa cha mnzake. Vidiyo ija nayo inayenda. Kristina anaitumiza kwa mnzake wokwatiwa ndi Mmalawi, ndipo posakhalitsa amayi awiri a ku Nancholi anafika pashopu ya Ramsey kufuna yawo. Ramsey anawauza kuti kamera ndi yake, koma mawu akawalembetse kutsidya kwa msewu, kwa atelala.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, Brenda anapeza mapointi 14. Ethel anatseka shopu dzuwa lili pamutu, nagula nkhuku yamoyo pamsika, nayenda nayo wapansi mpaka kunyumba akuuza aliyense wokumana naye, ngakhale amene sanafunse.