Maswiti a M'chikwama cha Atelala

Atelala anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wokonza mafiriji, koma chiyambireni mayiwo kudzibaya jakisoni wa insulini anamupatsa dzina lakuti Adokotala. Linamukhala dzinalo. Mwanayo anangowerenga za matenda a shuga pafoni tsiku limodzi, basi n'kusanduka katswiri. Akabwera kudzaona mayi ake ankayambira kukhitchini, kuvundukula zitini ngati wapolisi.

Kumuseka tingamuseke, koma mantha ake anali ndi pochokera. Mwezi wapitawo Atelala anakomoka m'shopu yawo, pakati pa makina osokera ndi tebulo lodulirapo nsalu. Anali atabaya jakisoni, kenako diresi la kasitomala linawatanganitsa mpaka kuiwala kudya. Atatsitsimuka kuchipatala, mwana wawo sanapite m'mbali.

"Amayi, zikachitikanso, shopu ija ndikutseka. Loko ndagula kale. Muzikakhala kwathu, muzikalera adzukulu."

Adzukulu ankawakonda, inde, koma shopu ija inali moyo wawo. Kuganiza zokhala pakhonde la mpongozi, manja ali khale, kunkawawawa kuposa jakisoni. Choncho namwino atayamba kuwaphunzitsa, anatchera khutu kwambiri. Adokotala nthawi imeneyo anali panja, akuyankha foni ya firiji ya munthu wina.

Kuchokera pamenepo, chikwama cha Atelala chinasintha. Munkakhala kamakina koyezera shuga, maswiti otafuna m'kachitini ka mabatani, kabokosi ka juwisi, buledi, botolo la madzi, ndi khadi lonena za matenda awo pamodzi ndi nambala ya foni ya mwana wawo. Ukakhala ulendo wautali ankatenganso insulini, atamukulunga bwino kuti dzuwa lisamupeze.

Tsiku lokagula nsalu za yunifomu, Adokotala anadzera kunyumba m'mawa, n'kupeza mayi ake akuvala kuchipinda. Anawapatsa moni kudzera pakhomo, nachita zina pabalaza, n'kuthamangira kuntchito. Atelala anali atabaya jakisoni wawo n'kudya pang'ono chabe chifukwa chothamangira basi. Anatola chikwama osachitsegula.

Basi inawatsitsa patali chifukwa msewu ankaukonza. Anayenda wapansi, anakwera masitepe a shopu yaikulu ya nsalu, n'kuyamba kutembenuza mipukutu yolemera. Ali mkati mosankha pakati pa nsalu ziwiri zobiriwira, anaona zala zawo zikunjenjemera. Thukuta lozizira linatsika m'khosi, chonsecho fani inali ikuzungulira pamutu pawo. Mtima unayamba kuthamanga, njala inawagwira mwadzidzidzi, ndipo pamene mayi wogulitsa nsalu anawafunsa mwaulemu kuti adule mamita angati, anamva mkwiyo wopanda chifukwa ukukwera.

Mlendo ameneyu, kutsika kwa shuga, ankamudziwa. Ulendo woyamba anamunyozera, ati ndimalize kaye mpendero. Lero ayi. Anakhala pansi pomwepo, n'kutsamira mpukutu wa nsalu. Anadzibaya chala, kamakina kanaonetsa 3.3. Namwino anati shuga akatsika kuchepera pa 4, palibenso zodikira.

Anatsegula kachitini ka mabatani. Munalibe kanthu! Anapisa dzanja pomwe pamakhala juwisi, n'kutulutsa nkhaka yaitali, yotsukidwa bwino, yokulungidwa mwachikondi m'pepala.

"Adokotala iwe," anatero chapansipansi, "wandipha ndi chifundo."

Mantha anawagwira, tisaname. Buledi analipo, koma buledi amachedwa kulowa m'magazi, ndipo maso anali atayamba kuchita chidima. Anakodola mayi wogulitsa uja n'kumupatsa khadi.

"Achemwali, ndili ndi matenda a shuga. Panopa shuga watsika. Ndithandizeni chotsekemera, msanga."

Mayiyo anathamangira kufiriji n'kubwera ndi chakumwa. "Imwani ichi, mayi. N'chopanda shuga, n'chimene amamwa bambo akunyumba. Nawonso ali ndi matenda omwewo."

"Ayi, chimenecho sichindithandiza. Ndikufuna shuga weniweni."

"Koma inu, wa shuga n'kumwanso shuga? Mukufuna ndikupheni ine?"

Lilime linayamba kulemera, koma Atelala analankhula mawu amodziamodzi, ngati akusoka ndi manja. "Tiyi mumamwa muno? Tengani shuga wa tiyiyo. Masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi. Musungunule m'madzi pang'ono. Ndikakomoka musandimwetse kanthu, mundigoneke chammbali, mundithamangitsire kuchipatala. Koma panopa ndikutha kumeza. Fulumirani."

Mawu a munthu wodziwa chimene akunena samveka ngati a wodwala. Mayi uja anamvera. Atelala anamwa madziwo mpaka pansi pa kapu, n'kukhala phee, maso ali pawotchi ya pakhoma. Makasitomala anawazungulira, wina ati awapepese ndi katoni, wina ati ndi kuthamanga kwa magazi kumeneku. Patapita mphindi khumi ndi zisanu anayezanso. Kamakina kanati 5.2. Manja anali atasiya kunjenjemera, ndipo nsalu ziwiri zija zinayambanso kusiyana mtundu. Anatulutsa buledi n'kudya, kuti shuga asatsikenso.

Mayi wogulitsa anali ataimba kale nambala ya pakhadi. Adokotala anakwera masitepe awiriawiri, ovololo ili mafuta okhaokha, nkhope itagwa. Ankayembekezera kupeza mayi ake atawanyamula. Anawapeza ali chilili patebulo, tepi ili m'khosi, akuonetsa wogulitsa kuti nsalu inayo idzasuluka akangoichapa kawiri.

"Amayi! Mwagwa?"

"Ndagwa kuti? Ndinakhala pansi ndekha, ndadzukanso ndekha. Funsa mboni izi."

"Adzichiza okha mayiwa," anatero wogulitsa. "Ine ndikanawamwetsa zolakwika. Bambo akunyumba amamwa mapiritsi, nawonso nthawi zina amanjenjemera chonchi, ine n'kumati ndi ukali wawo. Lero ndikawauza akafunse kuchipatala."

Atelala anatulutsa nkhaka ija n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione. "Adokotala, mankhwala anu awa."

Shopu yonse inafa nalo phwete. Adokotala sanaseke. Anayang'ana nkhakayo, nayang'ana kachitini kopanda kanthu. "Ndimayesa mukudya maswiti mobisa, amayi. Ndimati ndikukutetezani."

"Ndikudziwa, mwanawe." Mawu awo anafewa, pakuti anaona mmene zinamupwetekera. "Maswiti aja si osangalalira. Jakisoni amatsitsa shuga, ndipo ndikadya mochepa kapena kuyenda kwambiri, amatsitsa mopitirira. Pamenepo chondipulumutsa n'chomwe umachiopacho. Ulendo winawu wa kuchipatala tipite limodzi, foni uzimitse."

Adokotala anatsika masitepe. Anabwerako ndi maswiti ndi juwisi, nadzaza yekha kachitini ka mabatani, n'kukaika m'chikwama ndi manja awiri. Pamene ankawerama kuti anyamule nsalu za mayi ake, chinthu cholemera chinagwa m'thumba la ovololo n'kulira pansi kuti gwe! Linali loko lija, latsopano, makiyi ake awiri ali pomwepo.

Atelala analitola, nalitembenuza, naliyesa kutseka ndi kutsegula.

"Lolimba bwino ili," anatero. "La kushopu kwanga lachita dzimbiri. Zikomo, mwana wanga."

Analiponya m'chikwama, pambali pa maswiti, pamodzi ndi makiyi onse awiri.