Ndime Zapansi za Nkhani ya Mlatho

Mayi wina wa mu ofesi yolipira ya khonsolo anandipeza m'kantini, nandipatsira envelopu pansi pa tebulo. Munali mafotokope a zikalata zosonyeza kuti kontilakitala analipidwa ndalama zonse za mlatho wopita kuchipatala.

"Mlathowo kulibe," anatero. "Akadziwa kuti ndine, ntchito yandithera. Ndiye mulembe zoti anthu amve, achimwene."

Ndinadziguguda pachifuwa. Ine mtolankhani amene ndinazolowera kulemba za misonkhano ndi kudula maliboni, tsiku limenelo ndinayenda ngati msewu ndi wa bambo anga.

Ntchito ndinaigwira, nditamandeniko. Fotokope payokha si umboni, choncho ndinapeza munthu wachiwiri, injiniya wa pakhonsolo pomwepo, amene anatsimikiza kuti zikalatazo n'zenizeni. Kumtsinje ndinapeza zipilala ziwiri, mbuzi, ndi amayi akuwoloka atakwinya zovala. Kokalembetsa makampani ndinapeza kuti kampaniyo ndi ya mlamu wake wa bwana wa khonsolo, bwana yemweyo amene anasayina kuti ntchito yatha. Ndinamutumizira mafunso kuti naye ayankhepo, ndipo anayankha ndi kalata yaitali yodzaza ndi chitukuko.

Kenako ndinakhala pansi kulemba, ndipo matenda anga aulembi anandigwira. Ndinayamba ndi dzuwa likutuluka pamtsinje. Mbuzi ndinazipatsa ndime yawoyawo. Yankho la bwana ndinaliika pamwamba kuti ndioneke wachilungamo, ndipo za malipiro, siginecha ndi mlamu ndinazisungira pansi penipeni, kuti wowerenga akafika pamenepo agwire pakamwa.

Akonzi athu, mayi osadziwa kunyengerera, anawerenga atatsitsa magalasi.

"Ndafika ndime yachisanu, ndalama sizinasowebe," anatero. "Tembenuza. Pamwamba unene chasowa, wasayina ndani, tikudziwa bwanji. Kenako umboni, kenako yankho lawo. Mbuzi zako zipite pansi."

"Ndamva, mayi."

Kumva ndinamvadi, koma mumtima ndinati anthu ena anabadwa opanda khutu la luso. Loya wathu anawerenga nkhani yonse, nafufuta mawu oti "anaba", n'kuikapo oti "zikalata zikusonyeza". Zina zonse anati zili bwino, poti iye amalipidwa kuti tisamangidwe, osati kuti tiwerengedwe. Akonzi ataitanidwa mwadzidzidzi kusukulu ya mwana wawo, ndinalonjeza kutembenuza. Ndinangochotsa dzuwa lija, n'kutumiza nkhaniyo kwa Sizasi.

Sizasi ndi mkulu amene amayala nkhani pamasamba. Dzinalo sanalitole panjira. Nyuzipepala itatsala pang'ono kupita kosindikiza, kunabwera malonda a matilesi ofuna theka la tsamba langa. Sizasi anachita zimene oyala masamba onse amachita nthawi ikatha: anadula kuchokera pansi, poti mtolankhani wamutu wabwino pansi amaikapo zosafunika. Mutu wa nkhani anautenga pa zimene zinatsala.

M'mawa ndinagula nyuzipepala yathu yomwe ndi ndalama zanga, kulephera kudikira ya ku ofesi. Mutu unati, "Khonsolo ilonjeza kumaliza mlatho." Mbuzi zinalipo zonse. Bwana analankhula ndime zinayi popanda womudula pakamwa. Pamene panayenera kukhala mlamu panali banja likumwetulira pamatilesi.

Ndinathamangira kwa Sizasi.

"Mwandiphera nkhani, akulu!"

"Inali pansi?" anafunsa osadzutsa mutu. "Unaisiyiranji pansi?"

Akonzi sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa khofi. Anati tiitulutsanso sabata yamawa, yotembenuza, loya akaionanso. Tili pomwepo foni inalira. Anali bwana wa khonsolo, kundithokoza chifukwa cha utolankhani wokhwima. Anati achinyamata ngati ine ndi osowa. Pakamwa panga, posazolowera kuyamikiridwa, panayankha kuti zikomo.

Masana anaimba foni mayi wa envelopu uja. Manyazi anandigwira moti ndinaimirira, ngati akundiona.

"Achimwene, andiimitsa ntchito dzulo," anatero. "Mafunso anu atangofika anayamba kufufuza amene amagwira mafayilo aja. Sindinadandaule. Ndinauza ana kuti mawa muwerenga chifukwa chake."

Ndinayamba kufotokoza za matilesi, za sabata yamawa, koma anandidula mwaulemu.

"Ayi, mwalemba bwino, mbuzi zija ndaziona ndithu. Kungoti mwana wanga wamkulu ali nayo pano, watsegula masamba onse kawiri. Akufunsa kuti nkhaniyi ikupitirira patsamba liti."