Chikwangwani cha a Kalisito

M'chaka cha 1913, a Kalisito, amene anaphunzira ku mishoni, anakhoma chikwangwani pamtengo pafupi ndi Boma la Dedza. Chinkanena kuti iwo amalemba makalata opita ku Halale ndiponso amamasulira madandaulo m'Chingerezi. Pansi pake anamatapo zitsanzo ziwiri za makalata amene analemberapo anthu kale, atafufuta maina a eni ake monga ulemu ufunira.

Sabata yonse sipanabwere munthu, pakuti ofuna mlembi ndiwo osadziwa kuwerenga. A Kalisito anatsala pang'ono kubwerera ku khasu.

Loweruka anaimirira pamtengopo nafuula kwa anthu odutsa: “Musakhulupirire ine! Perekani pepalali kwa wina aliyense wodziwa Chingerezi, alibweze m'chinenero chathu, mumve ngati mawu asokonekera.”

Anthu anakoka a Linusi, mphunzitsi wodutsa, amene anamasulira mwaulemu m'chinenero chathu chitsanzo chopita kwa bwana wa mgodi ku Halale: “Ndikupempha kuti mumasule mwamuna wanga. Denga likudontha, mbatata zakumbidwa ndi nguluwe, ndipo iye anandilonjeza bulangete.”

“Mayo ine, ndi mawu anga amenewo!” anakuwa a Nangozo, mayi wa ku Kaphuka, naponya dengu pansi. “Ngakhale nguluwe zalowa m'Chingerezi! Bwerezani, aphunzitsi!”

“Amayi, dzina lanu ndinalibisa,” anadandaula a Kalisito.

“Mulibwezeretse! A kwathu adziwe!”

Mayiwo anavina pamaso pa amuna, khalidwe limene sindilivomereza. Komabe dzuwa lisanapendeke, anthu khumi ndi awiri anali atakhala pamzere, aliyense akuyeseza chamumtima zoti anene.